Andikana ntchito, ndiwayankhe bwanji imelo yawo?

Asiyatu: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Paja ndinakuuzani za ntchito ya wothandizira akauntanti ku bungwe lina lomwe lili ndi ofesi pa boma pompano, intavyu ndinapanga masabata awiri apitawa. Lero m'mawa ndili pa kabaza kuwoloka buliji kuchokera kwa M'baluku foni yalira, kuyang'ana ndi imelo yawo, akuti zikomo pobwera koma tasankha wina. Mizere itatu basi. Mtima wandiwawa zedi chifukwa pa shotilisiti tinalipo 5 okha ndipo ine ndimaona ngati ndayankha bwino. Ndikufuna ndiwalembere ndimve pomwe ndinaphonya komanso asandiiwale ikadzatuluka ina. Ndalemba kale koma sindinatumize

Mphatso: Pepa sisi. Taponya zomwe walembazo tione kaye

Asiyatu: Ndalemba mu Chizungu koma mfundo zake ndi izi. Ndalandira uthenga wanu ndipo ndakhumudwa kwambiri. Ndili ndi dipuloma ya za akaunti ya ICAM komanso ndagwirapo ntchito zaka ziwiri ndipo mafunso onse ndinayankha. Chonde ndiuzeni chifukwa chomwe simunanditengere ndiponso amene mwatengayo wandiposa pati. Ndikupempha muganizirenso poti ndine ndikusamala amayi ndi azing'ono anga awiri. Ntchito ina iliyonse yomwe ilipo ndigwira.

Yamikani: Ukutayiranji bandulo aise. Ntchito zimenezi zimakhala zili ndi mwini wake kale, intavyu amangopangitsa kuti mapepala akwane. Ine ndinalemberapo malo anayi kufunsa zomwezi palibe ndi mmodzi yemwe anayankha

Anti Nabanda: Asiyatu mwana wanga usatumize imeneyo, ndipo lero usatumize chilichonse, mtima ukadali wotentha. Ine ndakhala mu ofesi yolemba anthu ntchito zaka 9, makalata ngati akowa ndawawerenga ambiri ndipo ndikuuze zomwe zimachitika mbali inayo akatsegula.

Ukamufunsa munthu kuti simunanditengere chifukwa chiyani, iye amamva kuti ukuyamba mlandu. Chilichonse chomwe angalembe chikhoza kudzawerengedwa kwina, ndiye amangokhala chete kapena akupatsa chiganizo chija chosathandiza chakuti tinapeza wina woyenera kwambiri. Za amene watengedwayo sangakuuze ndi pang'ono pomwe, zimenezo ndi zachinsinsi za munthu wina, nawenso sungakonde kuti mamalikisi ako auzidwe mlendo. Zoti aganizirenso zinatha kale, nthawi zambiri imelo yokukana imatuluka winayo atavomera. Za amayi ndi azing'ono ako ndi zoona ndipo ndikuzimva, koma munthu wakulemberayo alibe pozilemba mu fayilo. Ndipo mawu oti ntchito iliyonse akugwetsa, chifukwa akadzafuna wa akaunti sadzakumbukira munthu amene anati iliyonse.

Asiyatu: Iiii anti ndiye kuti palibe chabwino chomwe ndalemba

Anti Nabanda: Maganizo olemba ndi abwino, mafunso ndi omwe ukufunika kusintha. Tandiuza kaye zinthu ziwiri. Imeloyo yachokera ku adiresi ya munthu kapena ya makina? Dina pa dzina la wotumizayo uone, ngati ikuyamba ndi `noreply@` kapena `donotreply@` ukayankha palibe adzawerenge. Chachiwiri, pa intavyu paja ndi pati pomwe iwe mwini unamva kuti apa zandivuta? Usandiuze kuti zonse zinayenda, nthawi zonse pamakhala pena

Yamikani: Dikirani kaye, zanga zija ziwiri zinali za `noreply` ndithu ndangoona pano

Mphatso: Ndiye unkalembera khoma achimwene. Nanga zinazo anakuitana ku intavyu?

Yamikani: Ayi ndinangoapulaya basi

Anti Nabanda: Apo nzosiyana Yamikani. Ntchito imodzi ya akaunti makalata amabwera mulu, munthu amene sanafike pa shotilisiti alibe pepala la mamalikisi, ndiye ngakhale atafuna kukuyankha alibe choti awerenge. Asiyatu anakhala pamaso pawo, dzina lake lili mu lipoti. Sindikukana kuti zokonderana zilipo, ndaziona ndi maso angawa, koma si paliponse ndipo sungadziwe kuti apa ndi pamene zinachitika.

Asiyatu: Yachokera kwa mayi yemwe anandiimbira pondiitana, dzina lawo lili pansi. Pomwe panandivuta ndi pa mayeso a pakompyuta. Tisanalowe kwa panelo anatipatsa mphindi 45 kuti tifananitse kashibuku ndi sitetimenti ya kubanki mu Excel. Zimasiyana ndi K38,500. Ndinapeza K8,500 yomwe banki inadula koma sinalembedwe mu buku, K30,000 yotsalayo ndinaisaka mpaka nthawi kutha, nditatuluka mpomwe ndinakumbukira kuti panali cheke cholandiridwa n'kulembedwa mu buku pa 30 chomwe chinali chisanafike kubanki. Kwa panelo kunali anthu anayi ndipo ndinayankha momasuka, ngakhale funso la bwana wofuna ndalama ya petikashi popanda vocha ndinaliyankha bwino ndithu

Anti Nabanda: Eya, funso lako lili pamenepo. Komwe ndinagwirako ine aliyense wa pa panelo amakhala ndi pepala lake, funso lililonse amapereka mamalikisi, mayeso olemba ali ndi gawo lawo, kenaka timaphatikiza n'kulemba lipoti kuti woyamba ndi uyu, wachiwiri uyu, wachitatu uyu, onse n'kusayina. Mayi wakulemberayo mwina sanapereke nawo mamalikisi koma fayilo ili pa tebulo pawo. Ndiye afunse funso loti akatsegula fayilo ayankhe m'mphindi ziwiri osafunsa bwana aliyense. Funso lakuti ndikonze chiyani ndi lalikulu, lifuna munthu akhale pansi aganize. Funso lakuti pakati pa mayeso a pakompyuta ndi mafunso a pakamwa ndi mbali iti yomwe ndinatsalira, limenelo akhoza kuyankha ataimirira.

Ndilemba m'Chichewa, Chizungu uike wekha m'mawu ako. Pagulu pano tilipo ambiri ndipo timaapulaya malo omwewomwewo, zisadzapezeke kuti anthu atatu atumiza chiganizo chofanana kwa mayi mmodzi.

Mayi wakutiwakuti, zikomo pondidziwitsa zotsatira za ntchito ya wothandizira akauntanti, komanso pondipatsa mpata wokumana ndi panelo tsiku lakutilakuti. Ndalandira chiganizo chanu ndipo sindikupempha kuti chisinthidwe. Ngati malamulo anu akulola, ndingathokoze mutandiuza mbali imodzi yomwe ndinatsalira kwambiri, kaya ndi mayeso a pakompyuta kapena mafunso a pakamwa, kuti ndidziwe poyambira kukonza. Mzere umodzi ndi wokwanira. Ntchito yanu ndikuifunabe, ndipo ndine wokondwa kuti musunge sivi yanga ngati mpata wa za akaunti kapena za sitolo ungadzapezeke. Kenaka dzina lako ndi nambala ya foni.

Basi. Usawonjezere.

Mphatso: Chiganizo choti sindikupempha kuti chisinthidwe chikundivuta anti, sizikukhala ngati akudzitsekera yekha chitseko?

Anti Nabanda: Chimenecho ndi chomwe chimamasula munthu kuti ayankhe. Akangoona kuti sukubwera kudzakangana mapewa amatsika. Chitseko cha ntchito iyi chatsekedwa kale ndi eni ake, ife tikusunga cha mawa. Ndipo mawu oti ngati malamulo anu akulola akuwapatsa pothawira mwaulemu, malo ena amaletsadi kupereka fidibaki ndiye asachite manyazi kukuuza kuti sizitheka

Che Jafali: Salamu nonse. Ine ndawerenga zonse koma ndikuona ngati mukuzitalikitsa. Ofesiyo ili pa boma pomwepa, mwanayu akwere njinga apite akawaone maso ndi maso, apereke moni bwinobwino afunse. Munthu ukamuyang'ana kumaso savuta. Imelo munthu amangoidutsa. Ine anyamata onse omwe ndinawalembapo pa shopu ndi omwe anabweranso nditawabweza koyamba

Asiyatu: Nanenso ndinaganizako zimenezo Che Jafali, nambala yawo ya WhatsApp ndili nayo poti ndi yomwe anandiimbira

Anti Nabanda: Che Jafali pa shopu panu mukunena zoona chifukwa wosankha ndinu nokha, mukafuna musintha maganizo pompo. Ku bungwe mayi uja sanasankhe yekha, ndipo mwana akangotulukira pa geti anthu a mu ofesi ayamba kufunsana kuti akudziwana bwanji. Ukhoza kumuika m'mavuto munthu yemwe ukufuna adzakukumbukire. Komanso pamaso munthu amakuuza zokutonthoza osati zoona. WhatsApp nayonso ayi, anakulembera pa imelo yankha pa imelo. Pomwe ndikugwirizana nanu ndi apa, Mangochi ndi yaying'ono, adzakumana ndithu kaya mu msika pogula usipa kaya ku ukwati. Akadzakumana apereke moni mwansangala ngati munthu wopanda chifukwa, nkhani ya ntchito asaiyambitse pokhapokha ayiyambe okha mayiwo

Che Jafali: Chabwino koma ine ndikuonabe kuti nkhope imaposa kalata. Tiona

Yamikani: Koma ngati akukayikira kuti panali zachinyengo bwanji osangopita ku leba? Si pali lamulo?

Anti Nabanda: Lamulo lilipo, la zolemba ntchito la chaka cha 2000 limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, chipembedzo, kukhala mkazi kapena mwamuna, ulumali ndi zina, ndipo limateteza ndi wofunsira ntchito yemwe. Akanakhala kuti anamuuza kuti sitilemba ovala hijabu kapena anamufunsa ngati ali woyembekezera n'kumukana pa chifukwa chimenecho, ndikanamuuza ndine kuti alembe zonse zomwe zinanenedwa apite ku ofesi ya zantchito. Koma imeneyo ndi njira ina ndipo siyenda limodzi ndi kalata iyi. Sungapemphe malangizo ndi dzanja ili uku dzanja linalo likuloza khoti. Asiyatu wanena yekha kuti K30,000 inamusowa

Asiyatu: Zoona palibe chomwe anandinena cholakwika, anandilandira bwino mpaka madzi ozizira anandipatsa ndi kutentha kuja. Nanga nditumize liti, ndipo ndiikemonso sivi?

Anti Nabanda: Mawa m'mawa cha m'ma 9 koloko, lero Lachiwiri ndiye zili bwino. Usadutsitse masiku atatu, fayilo ikadali pafupi ndipo nkhope yako akuikumbukira. Lachisanu madzulo ayi, pofika Lolemba imakhala yakwiririka. Dina `Reply` pa imelo yawo yomweyo kuti mutu ukhale ndi `Re:` aone nkhani yonse pansi, usayambe yatsopano. Uonetsetse kuti sunadine `Reply all`, nthawi zina amakhala aika mabwana kapena anzako omwe anakanidwa nawo. Sivi usaikemo, ali nayo kale, ukaphatikiza zikhala ngati ukuapulayanso.

Mphatso: Ine ndinene zanga mwina zithandiza. Chaka chatha ndinapanga intavyu ya wosunga sitolo pa loji ina kuno ku Monkebe, anandikana, ndinalemba kalata yofanana ndi imeneyi ngakhale yanga inatalikirapo. Sanayankhe olo kadontho. Ndinaiwalako n'kubwerera kogulitsa nsomba zouma ndi malume. Patatha miyezi itatu foni, akuti amene tinamutenga wapeza ina ku Lilongwe wachoka ali pa pulobeshoni, kodi ukadali omasuka? Nditayamba ntchito manejala anandiuza kuti tinalipo awiri ofanana mamalikisi koma anayamba kuimbira ine chifukwa imelo yanga inali ndi nambala komanso inanena kuti ndikuifunabe. Mnzangayo sankadziwa ngati angavomere. Ndiye kusayankha sikutanthauza kuti sanawerenge

Yamikani: Umenewo ndi mwayi wako aise si onse

Mphatso: Eya si onse, ine ndangonena zomwe zinandichitikira

Tadala: Pepani ndalowa mochedwa. Inenso anandikana sabata yatha koma bambo wake ndi wabwino, wandiuza pa foni kuti nditumize K25,000 pa Airtel Money andiike pa mndandanda wa odikira ndipo andiuza mafunso omwe ndinalakwa. Ndiye mwina Asiyatu angofunsa ngati kwawoko ziliko zoterezi zichite changu

Mphatso: Tadala usatumize!! Intavyu yake unapangira kuti?

Tadala: Pa foni pomwepo, akuti ofesi ili ku Blantyre

Anti Nabanda: Tadala mwana wanga ameneyo ndi wakuba. Mndandanda wa odikira sugulidwa, umachokera mu lipoti la panelo, ndipo fidibaki salipiritsa. Ngakhale maejenti enieni omwe amasakira makampani antchito amalipidwa ndi kampaniyo munthu akalembedwa. Ndipotu Asiyatu ukanakhala kuti unadzera kwa ejenti wotero ndikanati umuimbire foni kumene, chifukwa iye amapindula ukapeza ntchito ndiye amakuuza zambiri. Koma wako ndi wa mkati mwa bungwe

Tadala: Mwandipulumutsa, ndimati nditumize madzulo ano ndikabwereka kwa achemwali

Asiyatu: Ndatumiza 9:10 m'mawa uno. Ndinawerenga kanayi, dzina lawo ndinali nditalakwitsa chilembo chimodzi bwenzi zitapita choncho. Tsopano akapanda kuyankha ndidikire mpaka liti?

Anti Nabanda: Sabata imodzi kapena masiku 10. Ikatha ukhoza kukumbutsa kamodzi kokha, mizere iwiri, pa imelo yomweyo. Akakhalabe chete usiye

Mphatso: Apa ine ndikusiyana nanu anti. Fidibaki ndi chifundo chabe sangongole, kukumbutsa kumakhala ngati ukulonjerera. Ine sindinakumbutse ndipo zinayenda

Anti Nabanda: Ineyo ndikakhala mbali inayo chikumbutso chimodzi sichimandinyansa, nthawi zambiri ndimakhala ndinaiwaladi chifukwa cha malipiro a kumapeto kwa mwezi. Koma ndikudziwa anzanga ena omwe sakondwa nazo. Asiyatu aona yekha mmene mayiwo analili

Asiyatu: Abale ayankha!! Lero Lolemba 11 koloko. Akuti zikomo chifukwa cha uthenga waulemu, sangandipatse mamalikisi koma kwa panelo ndinachita bwino kwambiri, pomwe ndinatsalira ndi mayeso a pakompyuta. Akuti kupatula kuti sindinamalize, manambala ndimawonkhetsa pa kakyuleta n'kumalemba pamanja m'malo mogwiritsa ntchito mafomyula ndiye woyesa sanathe kuona njira yomwe ndinadutsa. Zimenezi sindinaziganizeko n'komwe, ine ndimangoti vuto ndi cheke chija. Koma ndikufuna ndiwafotokozere kuti laputopu yomwe anandipatsa inalibe mausi ndipo ine kapadi kaja sindinakazolowere nchifukwa chake ndinachedwa

Yamikani: Auze ndithu, limenelo ndi vuto lawo

Anti Nabanda: Ayi usawauze. Unalonjeza kuti sukubwera kudzakangana, mayiwa akukhulupirira n'kukuuza zomwe sakakamizidwa kunena, ukangoyamba zoti koma laputopu adzanong'oneza bondo kuti anayankhiranji ndipo wotsatira wako sadzayankhidwanso. Mwinanso anzako anayi aja anagwiritsa ntchito laputopu yomweyo. Za mausi sunga mumtima, ulendo wina udzanyamule yako mu chikwama kapena udzapemphe mayeso asanayambe. Lero lomwe yankha mizere iwiri, zikomo kwambiri mwandithandiza, za mafomyulazo ndiyamba kuzikonza sabata ino. Osafunsanso funso lina.

Ndipo zomwe akuuzazo ndi zenizeni. Woyesa amadina pa bokosi la totala, akapeza `=SUM(D2:D40)` amadziwa kuti ukasintha nambala imodzi zonse zisintha zokha, akapeza nambala youma amadziwa kuti ku ofesi uzidzachedwa ndipo zolakwika sizidzaoneka. Ngakhale sunapeze cheke chija, njira ikanaoneka bwenzi atakupatsako mamalikisi ena

Asiyatu: Ndamva anti ndayankha choncho. Koma za kusunga sivi sananenepo kanthu, ndiye kuti akana?

Mphatso: Ine ndikuona ngati avomera, munthu wokana sangakuyankhe bwino chonchi

Anti Nabanda: Sitingadziwe. Mabungwe ena ntchito iliyonse amayenera kuilengeza poyera ndipo aliyense aapulaye mwatsopano, ndiye mayiwa sangalonjeze zomwe sangakwanitse. Usawafunsenso. Udzawalembere pakakhala chifukwa chenicheni, monga akalengeza ntchito ina ya akaunti, uapulaye mwa njira yomwe anena kenaka pa imelo yomweyi uwadziwitse kuti ndaapulaya ndipo za Excel zija ndinazigwirira ntchito motere. Zolemba mwezi ndi mwezi kuti kodi kwatuluka kanthu ayi

Yamikani: Nanga ikapanda kutuluka chaka chonse?

Anti Nabanda: Ndiye kuti sinatuluke, koma mayeso ngati amenewa akawapezanso kwina kulikonse komwe angakafunsire za akaunti

Che Jafali: Chabwino kalata yagwira ntchito ndavomera, ngakhale ine ndikanapitabe. Asiyatu, pa shopu pali masitetimenti a kubanki a miyezi itatu omwe sanafananitsidwe ndi buku, mnyamata wanga amangolemba mu kope. Ngati ukufuna pophunzirira ubwere Loweruka ndikatsegula, laputopu ya mwana wanga ilipo koma mausi ubweretse wekha. Macheke osafika kubanki aliponso angapo

Asiyatu: Ndibwera Che Jafali zikomo kwambiri. Mphatso udzandiikire alamu ya mphindi 45 pa foni ndione ngati ndingamalize mwezi umodzi nthawi isanathe

Mphatso: Loweruka ndili pa shifiti mpaka 12, uyambe 1 koloko ndidzakuimbira ikakwana